Kalata yothokoza mukachoka ku intaviyu: kalembedwe kake, nthawi yotumiza ndi zoyenera kupewa

Intaviyu ikatha, ambiri amangobwerera kunyumba n'kumayang'ana foni kuti mwina ilira. Komatu pali ntchito imodzi yaing'ono yotsala, yofunika kuigwira pasanathe maola 24: kulemba kalata yaifupi yothokoza anthu amene anakufunsani mafunso. Masiku ano kalatayi imapita pa imelo, ndipo mawu 120 mpaka 180 ndi okwanira.

Musanayambe kulemba, dziwani malire a kalatayi. M'mabungwe ndi m'makampani akuluakulu, ofunsa mafunso amakhala atatu, anayi, mwina asanu, aliyense ali ndi pepala lake lolembapo malikisi pa funso lililonse. Womaliza kufunsidwa akatuluka, amaphatikiza malikisiwo, kawirikawiri tsiku lomwelo, n'kusayina. Kalata yanu siingafufute nambala zimenezo. Imagwira ntchito pena: pamene anthu awiri ayandikana kwambiri malikisi ndipo mkulu wa dipatimenti akuganizabe woti atenge, pamene amene anapambana wakana ntchitoyo chifukwa cha malipiro n'kufunika kuitana wachiwiri, kapena pamene malo ena atseguka patapita miyezi itatu ndipo ofesi ikufunsana kuti "uja anayankha bwino za malisiti anali ndani?" Pakampani yaing'ono, pomwe mwini wake ndi amene anakufunsani ndipo ndi yemweyo adzasankhe, kalatayi imalemera kuposa pamenepo.

Choncho si kalata yopempha chifundo. Ntchito yake ndi kutenga vuto limodzi lomwe munamva m'chipinda muja, kulilumikiza ndi chinthu chimodzi chomwe munachitapo kale, n'kusiya njira yoti mudzalankhulanenso.

Kuti zonse zioneke bwino titsatira chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Munthu wafunsira ntchito ya wothandizira akauntanti pa bungwe lina lomwe si la boma ku Lilongwe, logwira ntchito ndi alimi ku Dowa ndi ku Ntchisi. Intaviyu inali Lachiwiri, 10 koloko m'mawa. Omufunsa anali atatu: bambo amene ndi mkulu wa zachuma, mayi wa ku ofesi yoona za ogwira ntchito, ndi woyang'anira pulojekiti.

1. Lembani zomwe mwamva musanakwere minibasi

Kalata yabwino imayambira pa geti la ofesi. Mukangotuluka, pezani poima, tengani kapepala kapena foni, ndipo kwa mphindi khumi lembani zinthu zinayi: mayina ndi maudindo a amene anakufunsani, vuto lomwe iwo anatchula lokhudza ntchitoyo, funso lomwe simunayankhe bwino, ndi tsiku lomwe anati adzakuuzani zotsatira. Mukadikira mpaka madzulo, mudzakumbukira mmene mtima unkagundira, koma mawu enieni omwe mkulu wa zachuma ananena adzakhala atathawa.

Pa zinayizi, chachiwiri ndicho golide. Vuto la ofesi silinenedwa poyera kuti "vuto lathu ndi ili". Limabisala m'funso lomwe abwereza kawiri, kapena m'ndemanga yomwe wina waponya mnzake akulemba. M'chitsanzo chathu, mkulu wa zachuma anafunsa kuti, "Mungatani ngati wogwira ntchito kumudzi watenga ndalama za ulendo koma patha milungu itatu asanabweretse malisiti?" Munthu uja atayankha, woyang'anira pulojekiti anaseka pang'ono n'kuti, "Zimenezi ndiye za mwezi uliwonse kuno." Chiganizo chimenecho ndicho choyenera kulowa pakapepala. Chikutanthauza kuti mabuku a mwezi amatsekedwa mochedwa, ndipo lipoti lopita kwa opereka thandizo la ndalama limachedwa nalo.

Mayina ndi ovuta chifukwa ofunsa amadzitchula mofulumira, inu muli ndi mantha. Ngati simunagwire dzina, funsani wa pa resepishoni mukutuluka: "Pepani, bambo amene anakhala pakati aja ndi a ndani, ndipo dzina lawo limalembedwa bwanji?" Funso limeneli silichititsa manyazi. Chochititsa manyazi ndi kulemba dzina la munthu molakwika, kapena kumutcha bambo pamene ndi mayi. Mayina ambiri a kwathu kuno, monga Chisomo, Chikondi, Mphatso ndi Takondwa, amapatsidwa kwa amuna ndi akazi omwe, ndiye ngati amene anakuitanani pa imelo simunamuone maso ndi maso, musangoganizira. Lembani udindo wake m'malo mwa Bambo kapena Mayi.

2. Onani ngati kulemba n'kololedwa, ndipo sankhani wolandira

Apa ndi pamene ambiri amadzipweteka okha. Bwererani ku chilengezo cha ntchito ndi ku imelo yomwe inakuitanani, muwerengenso mizere yakumapeto. Zilengezo zina zimachenjeza kuti aliyense woyesa kunyengerera kapena kukopa osankha adzachotsedwa pa mndandanda. Kalata yothokoza yopita ku adiresi ya ofesi si kunyengerera. Koma uthenga wopita pa nambala ya foni ya mmodzi wa ofunsa, yomwe mwaipeza kudzera kwa msuweni wanu, ukhoza kuwerengedwa choncho, ndipo munthuyo angakakamizike kukanena kuti mwamufikira mwamseri.

Ntchito za boma zili ndi njira yakeyake. Ngati mwafunsidwa ndi komishoni yolemba anthu ntchito m'boma, kaya ya aphunzitsi, ya azaumoyo kapena ya m'makhonsolo, ofunsidwa amakhala ambirimbiri, zotsatira zimatsata malikisi ndi ndondomeko, ndipo kulembera mmodzi wa makomishonala payekha kungakuikeni pamavuto popanda phindu lililonse. Pamenepo thokozani ndi pakamwa musanatuluke m'chipinda, basi.

Pa bungwe kapena kampani, njira yosavuta ndi iyi: yankhani imelo yomwe inakuitanani ku intaviyu. Dinani `Reply`, osati kuyamba imelo yatsopano. Ubwino wake ndi wakuti dzina la ntchito ndi nambala yake zili kale pamutu, wolandira akudziwani msanga, ndipo imelo yanu siikagwera mosavuta mu `Spam`. Imelo imeneyi nthawi zambiri imachokera ku ofesi yoona za ogwira ntchito, choncho ikani chiganizo chopempha kuti apereke kuthokoza kwanu kwa ena aja. Ngati mkulu wa zachuma anakupatsani yekha khadi lake kapena adiresi yake ya kuntchito, mulembereni iyeyo mwachindunji, n'kuika wa ofesi ya ogwira ntchito pa `Cc` kuti zonse zikhale poyera.

Chenjerani ndi `Reply All`. Maofesi ena amaitana anthu onse asanu ndi mmodzi pa imelo imodzi, maadiresi onse akuoneka. Mukadina pamenepo, kalata yanu yofotokoza chifukwa chake ndinu woyenera ipita kwa anzanu onse amene mukupikisana nawo.

Nanga WhatsApp? Ngati zokambirana zonse, kuyambira kukuitanani, zinachitikira pa WhatsApp, monga zimakhalira pa sitolo, pa galaja kapena pa sukulu yaing'ono yomwe si ya boma, yankhani pomwepo. Lembani ziganizo zitatu kapena zinayi zathunthu, mutchule dzina lanu poyamba, popanda tizithunzi ta manja opemphera, ndipo musatumize uthenga wa mawu. Ngati anakuitanani pa imelo, khalani pa imelo.

3. Nthawi yotumiza

Tumizani madzulo a tsiku lomwelo ofesi isanatseke, kapena m'mawa wa tsiku lotsatira pakati pa 8 ndi 10 koloko. Yotumiza mphindi zisanu mutatuluka imaoneka kuti munailemba kale musanalowe, ndipo imakhaladi yopanda kanthu kochokera m'zokambirana. Yofika patatha masiku anayi imapeza nkhani itatha. Intaviyu ikakhala Lachisanu, yesetsani kutumiza tsiku lomwelo, poti maofesi ambiri amaweruka msanga Lachisanu ndipo imelo ya Loweruka imakwiririka ndi za Lolemba m'mawa. Ngati mwalemba usiku chifukwa ndi pamene magetsi ayaka, musaitumize 11 koloko. Gmail ili ndi `Schedule send` pafupi ndi batani lotumizira, ndipo mutha kuiuza kuti ipite 8 koloko m'mawa.

4. Kumanga kalatayo

Lembani m'chilankhulo chomwe intaviyu inachitikira. M'maofesi ambiri ku Malawi chimakhala Chingerezi, ndipo ngati ndi choncho kalata yanu ikhalenso ya Chingerezi. Chitsanzo chili m'munsichi ndi cha Chichewa, koma mafupa ake ndi omwewo m'chilankhulo chilichonse. Ngati mukuyamba imelo yatsopano, mutu wake ukhale ndi dzina la ntchito monga linalembedwera pachilengezo, ndi dzina lanu:

```
Thank you - Accounts Assistant interview - Dzina Lanu
```

Kalatayo ili ndi zigawo zinayi, ndipo sizilemera mofanana.

Choyamba ndi kuthokoza, chiganizo chimodzi kapena ziwiri. Tchulani ntchito ndi tsiku, chifukwa ofesi ikhoza kukhala ikufunsa anthu a ntchito zitatu sabata yomweyo. Musachulutse ulemu mpaka kudzigwetsa pansi. Mawu ngati "ine wosayenera" kapena "mwandichitira chifundo chachikulu" ali ndi malo ake, koma muno amamveka ngati munthu amene sakudzikhulupirira.

Chachiwiri ndicho mtima wa kalata: zomwe munamva, ndi zomwe munachitapo zofanana nazo. Apa ndi pofunika kukhalitsa. Anthu ambiri amalemba kuti, "Ndine wolimbikira ntchito, wokhulupirika, ndipo ndimagwira bwino ntchito ndi anzanga." Onse asanu ndi mmodzi amene anafunsidwa tsikulo angalembe chiganizo chomwecho osasintha liwu. Njira yoyezera ndi imeneyi: ngati chiganizo chanu chingalowe m'kalata yopita ku bungwe lina lililonse, chichotseni. Chofunika ndi chiganizo chomwe wowerenga angati, "Eya, uyu anamvadi zomwe tinanena."

Tengani kapepala kaja. Vuto linali malisiti ochedwa. Tsopano funsani: kodi ndinachitapo chiyani chokhudza zimenezi, kuti, kwa anthu angati, ndipo chinasintha n'chiyani? Munthu wa m'chitsanzo chathu anagwirapo ntchito zaka ziwiri pa bungwe lina laling'ono. Kumeneko ankasunga mndandanda pa Excel wa aliyense amene watenga ndalama za ulendo, tsiku lomwe watenga ndi tsiku loyenera kubweza malisiti. Lachisanu lililonse ankatumiza mndandandawo kwa oyang'anira, ndipo anagwirizana ndi abwana ake kuti munthu asalandire ndalama zina asanabweze malisiti a ulendo wapita. A kumudzi ankayamba atumiza zithunzi za malisiti pa foni, mapepala enieniwo n'kubwera pambuyo. Zimenezi ndi zomwe zilowe m'kalata, m'ziganizo zitatu. Nambala muziike ngati zili zoona ndipo abwana anu akale angazivomereze atafunsidwa, poti akhoza kufunsidwadi. Mukakokomeza apa, foni imodzi yopita kwa okuchitirani umboni ikugwetsani.

Sankhani chinthu chimodzi chokha. Mukaika zitatu, mwayamba kulembanso kalata yofunsira ntchito, yomwe ali nayo kale limodzi ndi CV yanu. Ndipo samalani kamvekedwe: musalembe ngati mukuwauza kuti ofesi yawo ndi yosokonekera ndipo mwabwera kudzaikonza. Nenani kuti "munatchula za", osati "ndaona kuti muli ndi vuto la".

Chachitatu ndi kunena momveka kuti ntchitoyo mukuifunabe. Zikuoneka ngati zodziwikiratu, koma ofunsa amadziwa kuti ena amatuluka m'chipinda atagwa mphwayi atamva za maulendo a kumudzi nthawi ya mvula kapena za kontirakiti ya chaka chimodzi chokha. Chiganizo chimodzi chikwanira. Ngati anafunsa za tsiku lomwe mungayambe ndipo simunayankhe momveka, konzani pano. Amene muli kale pantchito yolandira pamwezi yomwe kontirakiti yake ilibe tsiku lothera, kumbukirani kuti lamulo la ntchito la Malawi la chaka cha 2000 limafuna kuti mupereke notisi ya mwezi umodzi, ndipo kontirakiti yanu ikhoza kunena nthawi yoposa pamenepo. Musalonjeze kuyamba Lolemba likubwerali pamene simungathe. Wolemba ntchito wanzeru amaonanso kuti munthu wothawa kwa abwana ake popanda kutsanzika adzathawanso kwa iye chimodzimodzi.

Chachinayi ndi kusiya khomo lotsegula, ndipo tibwererako pang'ono m'munsimu. Nayi kalata yonse:

*Okondedwa Bambo Uje,*

*Zikomo kwambiri chifukwa cha nthawi yomwe inu ndi anzanu munandipatsa dzulo, Lachiwiri, pokambirana za ntchito ya wothandizira akauntanti.*

*Munatchula za malisiti a ndalama za ulendo amene amachedwa kuchokera ku Dowa ndi ku Ntchisi, zomwe zimachedwetsa kutseka mabuku a mwezi. Komwe ndinkagwira ntchito kale ndinkasunga mndandanda wa ndalama zoterezi za anthu 14, n'kumautumiza kwa oyang'anira Lachisanu lililonse. Tinagwirizananso kuti munthu asalandire ndalama zina asanabweze malisiti akale, ndipo kuyambira pamenepo mabuku tinkatseka mkati mwa sabata yoyamba ya mwezi wotsatira. Ndingakonde kugwira nanu ntchito pa nkhani imeneyi.*

*Nditamva zambiri za ntchitoyi, chidwi changa chawonjezeka. Nditha kuyamba pakatha mwezi umodzi kuchokera tsiku lomwe mungandidziwitse.*

*Ngati pali chikalata china kapena dzina la wondichitira umboni lomwe mungafune, ndili wokonzeka kutumiza. Chonde mundithokozere kwa Mayi Uje ndi kwa oyang'anira pulojekiti.*

*Ine wanu,*
*dzina lonse ndi nambala ya foni*

Onani zomwe mulibe. Mulibe za malipiro, mulibe za ana amene akudikira fizi, mulibe dzina la m'bale amene amadziwana ndi abwana, mulibe funso loti "ndakhoza kodi?" Mavuto a kunyumba ndi enieni, koma wowerenga sangawaike pa pepala la malikisi, ndipo amangomuika pamalo ovuta. Za malipiro dikirani akupatseni ntchito kaye, pamenepo m'pamene muli ndi mphamvu yokambirana. Mphatso ya mtundu uliwonse, kaya mayunitsi, kaya "ya fanta", isayandikire n'komwe kalatayi. Zikatero si kuthokozanso koma katangale, ndipo amene walandira ndi amene wapereka onse ali pamlandu.

5. Ngati munalakwitsa yankho

Nthawi zina chomwe chikukusowetsani tulo ndi funso limodzi lomwe munaphonya. Kalata yothokoza ingakonze cholakwa chimodzi, ngati chili cha mfundo yodziwika yomwe ili ndi yankho limodzi. Tiyerekeze kuti munthu wathu anafunsidwa tsiku lomaliza kupereka msonkho wa PAYE ku MRA, iye n'kunena kuti pa 25. Atatuluka wakumbukira kuti pa 25 ndi pa VAT, pamene PAYE imayenera kufika pofika pa 14 mwezi wotsatira. Akauntanti aliyense m'chipindamo anamva kulakwitsako. Chiganizo chimodzi chikwanira, chiikidwe pambuyo pa ndime yachiwiri ija:

*Ndikonzeko yankho langa pa funso la misonkho: PAYE imaperekedwa pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo pa 25 pomwe ndinatchula ndi pa VAT.*

Palibe kupepesa katatu, palibe kufotokoza kuti munali ndi mantha kapena kuti simunagone. Malikisi a funso limenelo apita, koma mkulu wa zachuma waona munthu amene amabwerera ku ntchito yake, kupeza cholakwa n'kuchinena yekha. Mu ofesi ya ndalama khalidwe limeneli ndi lamtengo.

Pali zolakwa zina zomwe ndi bwino kuzisiya zigone. Ngati munangoyankha mozungulira pa funso loti mufotokoze za inu mwini, kapena munachita chibwibwi poyamba, musazikumbutse. Mwina iwo sanazione n'komwe, ndipo mukazilemba mwaziika pa pepala lomwe lisungidwe mu fayilo. Ndipo ngati mwalakwitsa mafunso atatu, musakonze onse. Kalata yodzaza ndi zokonza imangowerengera ofunsa zifukwa zokukanirani.

6. Kusiya khomo lotsegula popanda kuoneka wogonja

M'kalata yoyamba, khomo limatsegulidwa ndi chiganizo chopereka kanthu: chikalata, dzina la wokuchitirani umboni, chitsanzo cha ntchito yanu. Ngati m'chipinda muja anapempha chinachake, monga kope la satifiketi ya bungwe la akauntanti la ICAM kapena ya MSCE, chiphatikizeni pa imelo yomweyi ngati PDF, fayilo ili ndi dzina lanu, osati chithunzi chopendekeka chojambulidwa pa mphasa. Ngati sanapemphe kanthu, musaphatikize kanthu. Makamaka musatumize mafayilo a komwe mukugwira ntchito pano pofuna kuonetsa luso lanu. Mndandanda wa Excel uja uli ndi mayina a anthu ndi ndalama za bungwe lina, ndipo wolandira adzadzifunsa ngati mabuku akenso adzayende chonchi tsiku lina. Mukafuna kuonetsa, pangani wina wopanda mayina ndi nambala zenizeni.

Funso lomwe ambiri amafunsa ndi lakuti, kodi ndinene kuti "ngati simunditenga pa ntchito iyi mundiganizire pa ina"? M'kalata yoyamba ayi. Zimamveka ngati mwavomera kale kugonja, kapena ngati ntchito iliyonse ndi chimodzimodzi kwa inu bola malipiro. Mawu amenewo asungeni, nthawi yake ikubwera.

7. Werengani musanadine

Werengani kalatayo mokweza kamodzi. Pomwe mpweya wakutherani, chiganizocho chatalika, chiduleni. Kenako yang'anani zinthu zomwe zimalakwika kawirikawiri: dzina la bungwe, makamaka ngati mwakopera kalata yomwe munatumiza kwina sabata yatha, dzina la ntchito, ndi mayina a anthu omwe foni imakonda kuwasintha yokha n'kuika mawu a Chingerezi. Onaninso dzina lomwe limaoneka kwa wolandira imelo yanu. Ngati akaunti munatsegula muli ku sekondale ndipo ili ndi dzina lachibwana, gwiritsani ntchito yomwe munalemba pa CV. Musatumize kuchokera pa imelo ya kuntchito kwanu kwa pano. Mukadina kutumiza, tsegulani `Sent` muone ngati yapitadi, poti netiweki ikavuta kapena bandulo ikatha imelo imatha kukhala mu `Outbox` masiku awiri inu mukuganiza kuti anthu akukunyalanyazani.

8. Akakhala chete

Makalata ambiri othokoza sayankhidwa, ndipo zimenezi sizitanthauza kanthu. Maofesi ena amaletsa ofunsa kulankhula ndi ofunsidwa mpaka zonse zitatha. Kuchedwanso kuli ndi zifukwa zake zomwe sizikukhudzani: lipoti la intaviyu likudikira siginecha ya mkulu amene ali paulendo, akufunsa kaye okuchitirani umboni, kapena akudikira kuti opereka thandizo avomereze ndalama za malo amenewo.

Ngati anati adzayankha pakatha milungu iwiri, dikirani milungu iwiriyo, muwonjezere masiku awiri kapena atatu ogwira ntchito, kenako tumizani uthenga umodzi pa imelo yomwe ija. Ngati sanatchule tsiku, dikirani masiku khumi ogwira ntchito. Uthengawo ukhale waufupi kuposa woyamba:

*Ndimafuna kudziwa pomwe ndondomeko yosankha wothandizira akauntanti yafika. Chidwi changa pa ntchitoyi chikadalipo, ndipo ngati pali china chofunika kuchokera kwa ine nditumiza msanga.*

Mukatumiza kamodzi, lekani. Kufulasha, kuimba tsiku lililonse, kapena kukaima pa geti kudikira galimoto ya abwana kumasandutsa munthu amene anali wachiwiri pa mndandanda kukhala munthu amene alonda auzidwa za iye. Pali nthawi imodzi yokha yomwe mungafulumize: mwapatsidwa ntchito kwina ndipo akufuna yankho pofika tsiku lakutilakuti. Pamenepo lembani zoona zake, mutchule tsikulo, munene kuti mukadakonda ntchito yawoyi, ndipo mufunse ngati angathe kukuuzani pomwe zinthu zili lisanafike tsikulo. Musapeke ntchito yomwe kulibe pofuna kuwathamangitsa. Akakuyankhani kuti "zabwino zonse kumeneko", mwatsala manja ali m'khosi.

9. Akakukanani

Apa ndi pamene mawu omwe munasunga aja amagwira ntchito. Anthu ochepa kwambiri amayankha kalata yowakana, ndiye amene wayankha mwaulemu amakumbukika. Dikirani tsiku limodzi kuti mtima ukhale pansi, kenako lembani ziganizo zinayi kwa amene wakutumizirani uthengawo, mkulu wa zachuma uja ali pa `Cc` ngati munalemberanapo kale:

*Zikomo pondidziwitsa zotsatira. Ngakhale sizinatheke ulendo uno, ndinasangalala kumva za ntchito yomwe mukugwira ku Dowa ndi ku Ntchisi. Ngati mudzakhale ndi malo ena mu ofesi ya zachuma, ngakhale a miyezi yochepa monga nthawi yokonzekera maodita, chonde mudzandikumbukire, ndipo ndikuvomera kuti musunge CV yanga. Ngati n'kotheka, ndingayamikire kumva chinthu chimodzi chomwe ndingakonze pa mayankhidwe anga.*

Kutchula ntchito ya miyezi yochepa n'kwadala. Maofesi a zachuma amapanikizika kumapeto kwa chaka chawo cha ndalama, maodita akamabwera, kapena wina akapita ku tchuthi cha uchembere, ndipo malo oterewa nthawi zina amadzazidwa ndi munthu amene anafunsidwa kale m'malo moyambanso kulengeza. Kupempha chinthu chimodzi chokha choti mukonze n'kwadalanso: funso lakuti "ndinalakwitsa chiyani?" limamveka ngati mukufuna kutsutsa chigamulo, ndipo ofesi imaliopa, pamene chinthu chimodzi munthu atha kuyankha m'mizere iwiri. Akayankha, thokozani m'chiganizo chimodzi, osatsutsa, ngakhale simukugwirizana nazo.

Kapepala ka mayina kaja musataye. Lembanipo tsiku la intaviyu ndi nkhani ya malisiti ija. Bungwe lomwelo likadzalengezanso ntchito, funsirani kudzera m'njira yomwe alemba pachilengezo monga wina aliyense, ndipo m'ndime yoyamba ya kalata yofunsira mutchule mwezi womwe munafunsidwa, ntchito yake, ndi chomwe mwawonjezera kuchokera nthawi imeneyo, kaya ndi pepala lina la ICAM lomwe mwakhoza kapena pulogalamu ya akaunti monga QuickBooks yomwe mwaphunzira.